Mawu ofanana nkhope koma osiyana tanthauzo m'zilankhulo za ku Ulaya: mafunso ndi mayankho

Kodi "abwenzi onyenga" ndi mawu otani?

Ndi mawu awiri a m'zilankhulo ziwiri amene amalembedwa kapena kumveka mofanana, koma matanthauzo ake ali kutalikutali. Pa chitseko cha banki kapena sitolo ku Tete mungapeze palembedwa kuti *PUXE*. Munthu wophunzira Chingerezi akaona liwuli amakumbuka *push*, n'kuyamba kukankha chitsekocho, pamene Chipwitikizicho chikumuuza kuti akoke. Kukankha ndi *empurrar*, ndipo pa chitseko pamalembedwa *EMPURRE*.

Dzina loti abwenzi onyenga linachokera ku Chifalansa, *faux amis*. Linatchuka ndi buku limene Maxime Kœssler ndi Jules Derocquigny anatulutsa mu 1928 pofuna kuchenjeza Afalansa omasulira Chingerezi. Patsamba lino tikhazikika kwambiri pa Chingerezi ndi Chipwitikizi, chifukwa ziwirizi zimakumana tsiku ndi tsiku pa Dedza, pa Mwanza ndi pa Zobue, m'makalata a malonda, a sukulu ndi a chipatala. Chisipanishi, Chifalansa ndi Chijeremani tizitchula pamene zikuthandiza kuunika nkhaniyo.

N'chifukwa chiyani mawu otere ali ochuluka pakati pa Chingerezi ndi Chipwitikizi, pamene zilankhulozi si zapachibale chapafupi?

Chipwitikizi, Chisipanishi, Chifalansa ndi Chitaliyana zinabadwa kuchokera ku Chilatini. Chingerezi chili kumtundu wa Chijeremani ndi Chidatchi, koma chinabwereka mawu ambirimbiri a Chifalansa Anomani, anthu olankhula Chifalansa, atalanda Mangalande mu 1066, ndipo pambuyo pake anthu ophunzira anawonjezera mawu ena otengedwa ku Chilatini chenicheni. Motero mawu aatali a Chingerezi, makamaka a m'maofesi, m'makhoti ndi m'zipatala, nthawi zambiri ali ndi mnzake wofanana naye m'Chipwitikizi.

Ambiri mwa mawuwa sanyenga. *Hospital* ndi chipatala konsekonse, *information* ndi *informação* n'chimodzimodzi, *university* ndi *universidade* palibe vuto. Apa ndiye pagona msampha. Munthu akalota tanthauzo kakhumi n'kulondola, amasiya kutsegula dikishonale, ndipo liwu lotsatiralo limamugwetsa iye osadziwa n'komwe.

Kusiyana kumabwera chifukwa liwu likagawikana, mtundu uliwonse umalikokera kwake kwa zaka mazanamazana. Taonani liwu la Chilatini lakuti *constipare*, limene linkatanthauza kuthithikiza zinthu pamodzi mpaka njira kutsekeka. Angerezi ndi Afalansa analitengera kumimba: *constipation* ndi kudzimbidwa. Apwitikizi ndi Asipanishi analitengera kumphuno: *estou constipado* ndiye kuti ndadwala chimfine. Ganizo lotsekeka lilipobe mbali zonse ziwiri, chasiyana n'chiwalo chimene chatsekeka. Ngakhale *push* ndi *puxar* aja anachokera ku liwu limodzi la Chilatini, *pulsare*, kumenya kapena kugunda.

Kodi onse amachokera ku kholo limodzi?

Ayi. Ena anangofanana mwangozi, ngati anthu awiri osadziwana obadwa ndi nkhope imodzi. Liwu la Chitaliyana *burro* ndi batala wopaka pa buledi, pamene *burro* wa Chisipanishi ndi Chipwitikizi ndi bulu. Awiriwa alibe ubale. Otere savuta kwenikweni, pakuti chiganizo chimaoneka chopusa nthawi yomweyo. Palibe amene angakhulupirire kuti wauzidwa kupaka bulu pa buledi.

Nkhani ya *Gift* ndi yosiyana. Pa Chijeremani liwuli ndi poizoni, pa Chingerezi ndi mphatso, koma onse anachokera ku mneni wotanthauza kupereka. Ajeremani akale ankalitchula ponena za mlingo wa mankhwala umene munthu wapatsidwa, potsanzira liwu la Chigiriki *dosis*, ndipo pang'onopang'ono linasanduka dzina la poizoni. Tanthauzo lakale linatsalira m'liwu lakuti *Mitgift*, chuma chimene mkwatibwi amapita nacho kubanja. Ku Swideni liwu lomweli, *gift*, limatanthauza poizoni komanso munthu wapabanja, ndipo nthabwala zake kumeneko n'zosayamba.

Oopsa kwambiri ndi ati?

Si oseketsa aja. Mndandanda uliwonse umayamba ndi *embarazada* wa Chisipanishi, amene ndi mayi woyembekezera osati wochita manyazi, kapena *preservativo* wa Chipwitikizi, amene ndi kondomu osati mankhwala oletsa chakudya kuwonongeka. Mawu oterewa amachititsa manyazi kamodzi, anthu n'kuseka, munthu n'kuphunzira.

Oopsa ndi amene ukawamasulira molakwa chiganizo chimamvekabe bwinobwino. Wowerenga sakayika, womasulira sakayika, cholakwacho chimadzaonekera pa tsiku lolipira kapena pa bedi la wodwala. Atsogoleri a gulu limeneli ndi awiri. *Eventualmente* wa Chipwitikizi amatanthauza "mwina, zikatheka", pamene *eventually* wa Chingerezi amatanthauza "pamapeto pake zidzachitika ndithu". Mbali imodzi ndi kukayika, mbali inayo ndi lonjezo. *Éventuellement* wa Chifalansa ndi *eventuell* wa Chijeremani ali kumbali ya Chipwitikizi. Chingerezi ndiye chinapatuka chokha. N'chimodzimodzi *actualmente*, amene mungamuonenso atalembedwa *atualmente* m'kalembedwe katsopano: amatanthauza "pakadali pano", osati *actually*, "kunena zoona". Wofuna kunena *actually* pa Chipwitikizi amati *na verdade*.

Mungaonetse kalata yeniyeni mmene ingasokonekere?

Nayi kalata yachitsanzo, ya mtundu umene wogula mbewu wa ku Mozambiki angalembere wogulitsa wa kuno:

*Pretendemos adquirir 200 sacos de feijão. Actualmente o preço é de 1.500,00 MT por saco, sem taxas. Eventualmente aumentaremos a encomenda em Julho. Os prejuízos durante o transporte ficam a cargo do vendedor.*

Munthu woiwerenga ndi maso a Chingerezi amakhumudwa pa liwu loyamba lomwe. *Pretendemos* akumveka ngati *pretend*, kunamizira, ngati kuti ogulawo akungosewera. Koma *pretender* ndi kufuna kapena kukhala ndi cholinga, ndipo ndi liwu laulemu la m'makalata a ntchito. Akuti: tikufuna kugula matumba 200 a nyemba. Kunamizira pa Chipwitikizi ndi *fingir*.

Chiganizo chachiwiri chili ndi misampha itatu. Mukawerenga *actualmente* ngati *actually*, mumva ngati akukutsutsani: "mtengo weniweni ndi uwu, osati umene mwatchula". Iwo akungonena kuti pakadali pano mtengo ndi umenewu, zimene zikusiya mpata woti mawa usinthe. Kenako pali nambala. Chipwitikizi chimagwiritsa ntchito kadontho polekanitsa masauzande, ndipo mpatuliro ndiwo umalekanitsa ndalama yathunthu ndi masenti, mosemphana ndi Chingerezi. Choncho 1.500,00 MT ndi mametikali 1,500 pa thumba, ndipo matumba 200 akwana mametikali 300,000. Wachitatu ndi *sem taxas*. *Taxa* si *tax* ndendende. Ndi ndalama yolipira ntchito inayake, monga ya pamsika, ya sikelo kapena ya chikalata, ndipo imatanthauzanso mlingo, monga *taxa de câmbio*, mtengo wosinthira ndalama, ndi *taxa de juro*, chiwongoladzanja. Msonkho weniweni wa boma ndi *imposto*, ndipo wa pachipata cholowera m'dziko ndi *direitos aduaneiros*. Kalatayi ndiye kuti sinanene chilichonse chomveka za msonkho, ndipo wogulitsa wanzeru afunse asanakweze thumba m'galimoto.

Chiganizo chachitatu ndicho chingamulowetse munthu m'ngongole. Akachimva kuti "pamapeto pake tidzawonjezera oda mu Julaye", athamanga kukagula matumba ena kwa alimi, mwina ndi ndalama ya katapila, n'kuwaunjika m'nyumba kudikira wogula amene sanalonjeze kanthu. Kalata yangoti mwina tidzawonjezera. Julaye akadutsa ali chete, sanaphwanye pangano lililonse, ndipo anankafumbwe akhala akudya nyemba za mwini wake.

Chomaliza, *prejuízos* si *prejudice*, tsankho. Ndi kuluza, kuwonongeka kwa katundu. Akuti thumba likang'ambika kapena kunyowa m'njira, mlandu ndi wa wogulitsa. Tsankho pa Chipwitikizi ndi *preconceito*. Amene amadziwa Chingerezi cha m'makhoti aona kuti *prejudice* ali ndi tanthauzo lakale lakuvulaza ufulu wa munthu, lomwe likugwirizanako ndi la Chipwitikizi, koma pa Chingerezi cha tsiku ndi tsiku tanthauzo limenelo silibwera m'mutu.

Onani kuti mwa zolakwa zonsezi, ziwiri zokha, *pretendemos* ndi *prejuízos*, ndizo zimatulutsa chiganizo chachilendo chimene chingamuchititse munthu kuima n'kufunsa. Zinazo zimadutsa mwakachetechete.

Nanga kuchipatala?

Kumeneko mtengo wa kulakwa ndi waukulu kuposa matumba a nyemba. Wodwala wochokera ku Angonia akanena kuti ali *constipado*, namwino womva Chingerezi angamupatse mankhwala ofewetsa m'mimba pamene vuto ndi chimfine. Kudzimbidwa amati *prisão de ventre*, ndipo madokotala a ku Potugalo amalemba *obstipação*. Chosokoneza china n'choti madokotala a ku Brazili amalemba *constipação intestinal* ponena za kudzimbidwa komweko, ndiye pepala likakhala ndi liwuli muyenera kuona dziko limene lachokera komanso ngati patsatira liwu lonena za matumbo.

Liwu limene linavulaza munthu koposa ndi *intoxicado*. Pa Chisipanishi ndi Chipwitikizi limanena za munthu amene wadya kapena kumwa chinthu chomupweteka, ndipo *intoxicação alimentar* ndi kudwala chifukwa cha chakudya chowonongeka. *Intoxicated* wa Chingerezi ndi woledzera mowa kapena mankhwala ozunguza bongo. Mu 1980, ku Florida m'dziko la Amerika, mnyamata wa zaka 18 anafika naye kuchipatala ali chikomokere. Achibale ake olankhula Chisipanishi anati ali *intoxicado*, poganiza kuti wadya choipa. Ogwira ntchito anamva kuti wamwa mankhwala ozunguza bongo mopitirira muyezo, ndipo anamuthandiza motero. Chenicheni chinali kukha magazi muubongo, komwe kunapitirira masiku awiri kusanazindikirike. Mnyamatayo anafa ziwalo manja ndi miyendo, ndipo chipukutamisozi chimene anagwirizana chinali cha madola pafupifupi 71 miliyoni.

Njira yopewera ndi yosavuta kuinena: womasulira asamasulire liwu la matenda limene wodwala wanena, koma afunse chimene akumva ndi pamene akuchimva. "Mwatsekeka pati, mphuno kapena m'mimba?" "Anadya chiyani, nthawi yanji?" Mafunso awiri oterewa amatenga mphindi imodzi. Samalaninso ndi *injúria*, amene ndi chipongwe kapena kutukwana; bala ndi *ferimento* kapena *lesão*. Ndipo fomu ikafunsa za *parentes* ikufunsa za achibale onse, pamene makolo obereka ndi *pais*.

Kodi biliyoni ndi biliyoni kulikonse?

Ayi, ndipo kusiyana kwake ndi kochulukitsa ka 1,000. Pa Chingerezi cha lero *billion* ndi 1,000,000,000, mazilo 9. Ku Jeremani *Billion* ali ndi mazilo 12, ndipo nambala ya mazilo 9 amaitcha *Milliarde*. Afalansa amati *milliard*. Ku Potugalo *bilião* ali ndi mazilo 12, ndipo ya mazilo 9 amati *mil milhões*, kutanthauza mamiliyoni 1,000. Ku Brazili *bilhão* ali ndi mazilo 9 ngati Chingerezi. Ngakhale Mangalande ankawerenga mazilo 12 mpaka 1974, pamene boma la Harold Wilson linalengeza kuti litsata kawerengedwe ka ku Amerika.

M'zolemba za ku Mozambiki mungakumane ndi *mil milhões* komanso *biliões*, ndipo wolemba *biliões* nthawi zambiri amakhala akuganiza za mazilo 9. Pachifukwa chimenechi musakhulupirire liwu lokha. Funani pamene nambalayo yalembedwa m'manambala, muwerenge mazilo, kapena iyerekezeni ndi chinthu chimene mukuchidziwa kukula kwake. Msewu umodzi sungadye ndalama zoposa bajeti ya dziko lonse. Mukapeza zotero, ndiye kuti mwawonjezera mazilo atatu.

Ndikudziwa Chipwitikizi. Kodi Chisipanishi ndingachimve osachiphunzira?

Mungamve zambiri, makamaka zolembedwa, koma kuyandikana kwa ziwirizi n'kumene kumachulukitsa misampha. *Oficina* pa Chisipanishi ndi ofesi, pa Chipwitikizi ndi galaja kapena malo okonzera zinthu. Ofesi pa Chipwitikizi ndi *escritório*, pamene *escritorio* wa Chisipanishi ndi desiki yolembera. *Largo* ndi kutalika ku Sipeni, ku Potugalo ndi kutambalala, ndipo kalipentala wopatsidwa miyezo ya chitseko ayenera kudziwa chilankhulo cha amene walemba. *Borracha* ndi labala kapena chofufutira pa Chipwitikizi, pa Chisipanishi ndi mayi woledzera.

Wotchuka ndi wa patebulo. Msipanishi akayamikira chakudya amati chili *exquisito*, chokoma zedi. Mayi wachipwitikizi amene waphika amva *esquisito*, chachilendo, chokayikitsa. Onse awiri anachokera ku *exquisitus* wa Chilatini, chinthu chofunidwa ndi kusankhidwa mosamala. Chosowa chikhoza kukhala chapamwamba kapena chodabwitsa, ndipo mtundu uliwonse unatenga theka lake.

Kodi chilankhulo chimodzi chingadzinyenge chokha?

Inde, pamene chikulankhulidwa m'mayiko otalikirana, ndipo izi zimakhudza aliyense wophunzira Chipwitikizi kudzera m'mavidiyo kapena mabuku a ku Brazili n'kukachilankhula ku Maputo kapena ku Tete. Mozambiki amatsata kwambiri Chipwitikizi cha ku Potugalo. Pa fomu ya boma, *apelido* ndi dzina la bambo kapena la banja. Ku Brazili *apelido* ndi dzina lamasewera, ndipo la banja amati *sobrenome*. Wolemba dzina lake la pabwalo la mpira m'bokosi limenelo amubwezera fomuyo.

*Propina* ndiye amavina katatu. Ku Potugalo ndi ku Mozambiki *propinas* ndi fizi ya sukulu kapena ya kuyunivesite. Ku Brazili *propina* ndi chiphuphu. Ku Sipeni ndi kandalama kothokozera woperekera zakudya mu lesitilanti. Kalata ya sukulu yokumbutsa kholo kuti lilipire *propinas* mwezi usanathe ndi kalata yabwinobwino, ngakhale dikishonale ya ku Brazili ingaipangitse kuoneka ngati nkhani ya kupolisi. Choncho musanagule dikishonale, onani kumene inasindikizidwa.

Ndingatsimikize bwanji liwu limene ndikulikayikira?

Yambani ndi kuliyang'ana mobwerera. Mukaganiza kuti *livraria* ndi *library*, musangotsegula pa *livraria*; tsegulaninso mbali ya Chingerezi pa *library* muone chimene akupereka. Mupeza *biblioteca*. Ngati ulendo wobwerera sukukufikitsani pa liwu limene munayambira, pali chinyengo: *livraria* ndi sitolo yogulitsa mabuku, monganso *librairie* wa Chifalansa. Kachitidwe aka kamagwira mawu ambiri onyenga kotheratu, monga *fábrica*, amene ndi fakitale osati nsalu, ndi *êxito*, amene ndi kupambana osati potulukira.

Sikokwanira pa mawu onyenga mwatheka, amene matanthauzo ake amakumana pena n'kusiyana pena. *Assistir* angatanthauze kuthandiza, monga *assist*, koma kawirikawiri ndi kuonerera kapena kukhalapo: *assistir ao jogo* ndi kuonera mpira. *Realizar* ndi kuchita kapena kukwaniritsa ntchito, osati kuzindikira. *Compromisso* nthawi zambiri ndi lonjezo kapena nthawi imene mwapangana kukumana, ngakhale pena limafikanso pa kugonjerana kwa *compromise*. Pa mawu oterewa dikishonale ya zilankhulo ziwiri imangondandalika matanthauzo anayi osakuuzani lofala. Tsegulani dikishonale ya Chipwitikizi chokhachokha, muwerenge ziganizo zachitsanzo, ndipo muone mawu amene liwulo limayenda nawo. *Assistir* akatsatiridwa ndi *a*, *ao* kapena *à* kenako mpira, msonkhano kapena phunziro, ndi kuonerera. *Taxa* akatsatiridwa ndi *de juro* si ndalama yolipira pawindo.

Pa pangano la ndalama onjezani chinthu chachitatu. Lembani mwa mawu anuanu, afupiafupi, chimene mwamva, mutumize kwa mnzanuyo kuti avomereze: matumba angati, mtengo m'manambala ndi m'mawu, oda ya Julaye ndi yotsimikizika kapena ayi. Pa kalata ya nyemba ija funso limodzi, *A encomenda de Julho está confirmada?*, likadathetsa nkhani.

Ndiloweze mndandanda wa mawuwa?

Mndandanda wa mawu mazanamazana suthandiza, chifukwa pa nthawi yolankhula ubongo umathamangira nkhope yodziwika. Sankhani okwana 20 kapena 30 a m'ntchito yanu, ndipo lililonse mulilembe ndi mnzake womulowa m'malo, m'ziganizo ziwiri: *data* ndi deti, zowerengera za kafukufuku ndi *dados*, *recipiente* ndi chotengera, wolandira kalata ndi *destinatário*. Mukangodziwa kuti liwu ndi lolakwika osadziwa lolondola, mudzabwerera kwa lolakwikalo mukapanikizika.

Kodi Chichewa chili ndi mbali m'nkhaniyi?

Pang'ono, kudzera m'mawu amene tinabwereka kwa Apwitikizi. Nsapato inachokera ku *sapato* ndipo sinasinthe tanthauzo. Kalata inachokera ku *carta*, koma *carta* ndi yotambalala kuposa yathu: wapolisi wa pamsewu akapempha *carta de condução* akufuna laisensi yoyendetsera galimoto. Mbatata ndiye inatembenuka. *Batata* payokha pa Chipwitikizi ndi kachewere, imene ku Mozambiki amaitchulanso *batata-reno*, pamene mbatata yathu yotsekemera ndi *batata-doce*.

Masiku a sabata nawonso amasokoneza Mchewa kuposa Mngerezi, chifukwa tonse timawerenga ndi manambala koma sitiyambira pamodzi. Apwitikizi amayambira Lamulungu, ndiye Lolemba ndi *segunda-feira*, tsiku lachiwiri. *Terça-feira*, lachitatu mwa iwo, ndi Lachiwiri lathu. *Quarta-feira* ndi Lachitatu, *quinta-feira* ndi Lachinayi, ndipo *sexta-feira* ndi Lachisanu. Pa nambala ya Chipwitikizi chotsanipo imodzi kuti mupeze tsiku la Chichewa. Wouzidwa kuti lole inyamuka *quinta-feira* akamasulira kuti Lachisanu, akafika pa siteji lole itapita dzulo lake.